Mawu Ochedwa pa Chiliza cha Abambo

Ndinali munthu woyamba m'banja mwathu kugwira kamera, ndipo ndinkayenda nayo ngati ndinaipanga ndine. Zinali zaka zija matipate atakhazikika, wailesi yakanema ya dziko lino idakali yatsopano, aliyense akufuna kudziona pagalasi. Ndinali ndi kachipinda pa Mponela, kuseri kwa msewu waukulu, pakati pa wometa tsitsi ndi mayi wogulitsa zitenje. M'katimo munali tebulo, benchi, ndi kompyuta yakale imene wansembe wina wa ku parishi kwathu anandisiyira pobwerera kwawo. Pachitseko ndinalemba ndi penti yofiira kuti ndimajambula maukwati, maubatizo ndi ziliza. Kunena zoona ntchitoyo ndinkaidziwa theka, theka linalo ndinkakwaniritsa ndi pakamwa.

Achimwene anga oyamba kubadwa anali ku Joni. Chinali chaka chachitatu asanapondeko kumudzi. Abambo atamwalira sanabwere, ankati mapepala awo sali bwino, akatuluka sadzalowanso. Akazi awo, alamu anga, anawatenga chitengwa kuchokera kumapiri a ku Ntchisi, ndipo ndi iwo amene ankakhala ndi amayi kumudzi kwathu ku Dowa, kulima nawo, kusoka nawo fodya, kuwatungira madzi, uku akulera ana awiri. Patatha chaka tinamanga chiliza cha abambo. Achimwene anatumiza uthenga woti ulendo unonso alephera, koma ndiwajambulire mwambo wonse kuti akauonere komweko.

Tsiku la chiliza kunali mphepo. Akatekisiti anatsogolera mapemphero, amayi a mumphakati anaimba, nsalu yoyera inachotsedwa. Kenaka amalume anaimirira n'kuyamba kuwerenga kalata ya achimwene yopepesa anthu. Ine ndinaganiza zaukatswiri: m'malo mojambula amalume, ndinatembenuzira kamera kwa amayi ndi alamu, amene anakhala pansi moyandikana, masitepe awiri kuchokera pamene ndinaima. Ndinkafuna achimwene aone nkhope za anthu awo pomva mawu awo. Diso langa linali m'kamera, mtima uli pa batire imene inkatha. Sindinamve chilichonse chachilendo.

Kuti zithunzi zichoke pa tepi n'kulowa m'kompyuta, ndinkalumikiza nthambo ziwiri, ina ya zithunzi, ina ya mawu, iliyonse polowera pake. Tsiku limenelo sizinanyamukire limodzi. Nditatsegula fayilo ndinaona kuti akatekisiti akutsegula pakamwa, mawu n'kubwera pambuyo, ngati munthu wodula mtengo tsidya lina la dambo amene umaona nkhwangwa ikugwa usanamve phokoso. Ndinaliona vutolo bwinobwino. Kalikonzedwe kake sindinkakadziwa, ndipo dalaivala wina wopita ku Joni amene analonjeza kunyamula chimbale ankanyamuka masana omwewo. Ndinadziuza kuti malo ambiri ndajambula patali, milomo sikuoneka, ndipo anthu anazolowera kale mafilimu a m'nyumba za vidiyo momwe munthu amatseka pakamwa mawu akupitirira. Ndinaotcha chimbale n'kupereka. Loweruka lotsatira tepi ija ndinajambulirapo ukwati wa mphunzitsi wina, monga ndinkachitira ndi matepi onse.

Patapita masabata atatu amalume anabwera kuntchito kwanga nkhope ili gwaa. Anakana kukhala pabenchi.

"Iwe, m'kanema wako uja muli chiyani?" anandifunsa. "Akulu ako aimba foni. Akuti mkazi wawo achoke pakhomo, apite kwawo."

Ndinafunsa chifukwa. Amalume anati pamene iwo ankawerenga mawu oti mwana wanu akupepesa kuti sanathe kubwera, pakumveka mawu a munthu wamkazi akuti, "Ameneyo tinamuika kale." Ndipo pakamwa pamene pakuyenda nthawi imeneyo ndi pa alamu. Achimwene anaonera chimbalecho pamodzi ndi anzawo akumudzi kuno amene ankakhala nawo, chipinda chodzaza, ndipo mmodzi anaseka.

Amalume atapita ndinatseka chitseko n'kufufuza malowo. Ndinawapeza. Amayi aweramitsa mutu, nsonga ya mpango ili pafupi ndi chibwano, milomo ikugwedezeka pang'ono ngati akupemphera. Kenaka alamu akutembenukira kwa iwo, pakamwa pakuyenda, ndipo mawu aja akutuluka, otsika, osasa, osakanikirana ndi mphepo. Ndi maso, mlandu unali wa alamu. Ndinatsinzina n'kubwereza. Munthu susokoneza mawu a amene anakubala, ngakhale atasasa ndi kulira kwa masiku awiri. Anali mawu a amayi.

Apa ndi pamene pali manyazi anga, ndipo ndinena mosazungulira. Ndinadziwa tsiku lomwelo kuti alamu alibe mlandu, ndipo ndinadziwa kuti wasuntha mawuwo kuchoka pakamwa pena kupita pena ndine. Koma kuti ndinene, ndinayenera kuvomera zinthu ziwiri: kuti amayi anga anaika m'manda mwana wawo wamoyo pamaso pa anthu, ndi kuti katswiri wa pa Mponela uja anatumiza kunja ntchito yopunduka akudziwa. Chachiwiricho ndi chimene chinkandiwawa kwambiri, ngakhale kwa nthawi yaitali ndinkadzinamiza kuti ndikuteteza amayi. Ndinazimitsa kompyuta n'kupita kukamwa tiyi.

Ankhoswe anakumana. Alamu anafunsidwa ngati ananena mawuwo, anati ayi. Anafunsidwa kuti nanga ananena ndani, popeza anali pomwepo, anayang'ana pansi. Ankhoswe a mbali zonse anagwirizana kuti abwerere kaye kwawo mpaka mtima wa mwamuna utatsika. Ife Akatolika sitinena kuti ukwati watha, timangoti wapita kaye kwawo, koma aliyense ankadziwa akazi angapo amene anapita kaye kwawo n'kukalambira komweko. Anamanga katundu wawo m'zitenje ziwiri, mwana wamng'ono kumbuyo, wamkulu anamusiya chifukwa cha sukulu. Ine pamsonkhanowo ndinalipo. Ndinakhala kumapeto kwa benchi ndikutokosa pansi ndi kamtengo.

Tsiku lina la msika, mwezi utatha, alamu anatulukira pakhomo la kachipinda kanga. Anabwera kudzagulitsa mtedza wa amayi awo. Anagwada pakhomo kundipatsa moni monga ankachitira kumudzi, n'kuika pa tebulo kajumbo ka mtedza wosenda kale.

"Alamu," anatero, "kanema amene wandichotsa pabanjayu sindinamuonepo. Mungandionetseko? Ndingodziona basi, ndione mmene ndikuonekera."

Kompyuta inali yozimitsa, ndipo ndinayamika Mulungu chifukwa cha zimenezo, zomwenso ndi tchimo palokha.

"Magetsi azima, alamu," ndinayankha. "Kuyambira m'mawa. Mudzabwere tsiku lina."

Anandiyang'ana pang'ono, n'kunena kuti zikomo, apita asanasiyidwe ndi galimoto ya ku Ntchisi. Atangotuluka ndinamva makina a mnzanga wometa akulira kuseri kwa khoma, ndipo ndinazindikira kuti akhala akulira nthawi yonseyi. Mtedza uja ndinaukazinga n'kudya.

Amene anayamba kutopa ndi bodza si ine, anali amayi. Mdzukulu wotsala uja ankangolira, kukana kudya, kufunsa kuti amayi ake abwera liti. Lachiwiri lina amayi anakwera matola okha, chinthu chimene sankachita, n'kufika pa Mponela. Anandiuza kuti ndiwaperekeze pa telefoni yolipira ya pasitolo ina, ndiwaimbire ku Joni. Ndinaima pambali pawo akulankhula.

"Mwana wanga, mawu aja ndinanena ndine," anatero amayi. "Mtima unandipweteka. Bambo ako anakuyembekezera mpaka tsiku lomaliza. Mkazi wako sanalakwe."

Mawu a achimwene ankamveka mpaka pamene ndinaima. "Amayi, musamubise. Mumamukonda, ndikudziwa, amakuphikirani. Koma ine ndaona ndi maso angawa, kasanu konse. Chithunzi sichinama."

Foni itaduka amayi anakhala pakhonde la sitoloyo. Kenaka anandiyang'ana.

"Iwe, chithunzi chakocho chimanama?"

Ndinati nthawi zina mawu amatsalira m'mbuyo pang'ono.

"Unadziwa?"

Amayi anadzuka, anakonza chitenje, n'kunena kuti, "Ine ndinachimwa ndi pakamwa potsegula. Iwe wachimwa potseka. Kakonze."

Kunali munthu mmodzi amene ndinkadziwa kuti angathe, ndipo ndi amene ndinkamupewa. Anali bambo wa ku Congo wokhala ku Dzaleka, wa imvi ndi magalasi, amene kwawo ankagwira ntchito ya makanema nkhondo isanamuthamangitse. Ankajambula makwaya a m'kampu, ndipo anthu ena a ku Dowa anali atayamba kupita kwa iye. Ine ndinkauza makasitomala kuti ntchito za obwera sizikhalitsa. Safunsa anadya phula, ndipo langa ndinali nditatafuna mokwanira. M'mawa mwake ndinakulunga bokosi la kompyuta m'chitenje n'kulikhazika pamiyendo m'matola, ndikulitchinga fumbi ngati khanda.

Bamboyo sanandifunse zambiri. Analiza kajenereta kake, analumikiza bokosi langa ku galasi lake, n'kufunsa ngati tepi yoyamba ilipo, chifukwa pa tepi mawu ndi zithunzi zimakhala pamodzi, tikanangokoperanso. Nditamuuza kuti ndinajambulirapo ukwati, anavula magalasi n'kundiyang'ana. Kukanakhala bwino akanandilalatira.

"Chabwino," anatero m'Chichewa chake chokhotakhota. "Milomo tisiye. Milomo imanyenga. Tipeze chinthu chimene chikumenya chinzake, pafupi na kamera."

Anandifotokozera kuti chikhale chapafupi chifukwa phokoso lochokera patali limachedwa palokha, lingatisokoneze. Tinayang'ana koyambirira kwa kanema. Panali pamene amalume akutsika m'galimoto n'kumenyetsa chitseko, ine ndili pambali pomwepo. Bamboyo anayendetsa kanemayo chithunzi chimodzichimodzi mpaka pamene chitseko chikukhudza galimoto, n'kulemba nambala ya chithunzicho papepala. Pansi pa zithunzi panali mzere wa mawu wooneka ngati timapiri. Anapitiriza kudina, ine ndikuwerenga mokweza, mpaka tinafika pa kaphiri kosongoka pamene phokoso la chitseko likuyambira. Ndinawerenga zithunzi makumi atatu.

Ndinafuna kuti tikonze pomwepo, koma anakana. Anati tiyenera kuyezanso kumapeto. Ngati kumapeto kuchedwako kwakula, ndiye kuti mawu ndi zithunzi zikuyenda pa liwiro losiyana, ndipo kungosuntha sikungathandize, ukakonza kumutu kumchira kumasokonekera. Koma ngati kuli chimodzimodzi, matendawo ndi apafupi. Kumapeto kunali mayi wina amene anagwetsa beseni lachitsulo pamwala pafupi ndi ine. Tinawerenga. Makumi atatu. Tinayezanso pakati, pamene akatekisiti anaomba m'manja kamodzi kuti anthu akhale chete. Makumi atatu ndithu.

"Sekondi imodzi ili na zithunzi makumi awiri na zisanu," anatero akulemba. "Chithunzi chimodzi, mamilisekondi makumi anayi. Makumi atatu kuchulukitsa makumi anayi?"

Ndinati 1200. Sekondi imodzi ndi kachidutswa. Ndinayang'ana nambalayo papepala, ndikuganiza za mwana wa achimwene amene ankakana kudya chifukwa cha kanthu kochepa chotero.

Anatsegula kabokosi kena m'pulogalamu yomwe ndinali nayo kale m'kompyuta yanga, kabokosi kamene ndinkakadutsa tsiku ndi tsiku osadziwa ntchito yake, n'kundipatsa mpando kuti ndilembe ndekha. Ndinalemba 1200 n'kuseweretsa. Chitseko chinatsekeka, amalume anayenda masitepe atatu, ndiye phokoso n'kubwera. Ndinali nditawonjezera kuchedwa. Bamboyo anaseka koyamba.

"Kabokosi kameneka kamafunsa kuti mawu achedwe bwanji. Ako achedwa kale. Ukufuna abwere msanga, ika chochotsera kutsogolo."

Ndinaika kamzere kochotsera kutsogolo kwa nambala. Chitseko ndi phokoso lake zinagwera pamodzi. Beseni nalonso. Akatekisiti anayamba kulankhula ndi pakamwa pawo. Zithunzi sitinazikhudze konse, tinangokokera mzere wonse wa mawu kutsogolo n'kusunga fayilo yatsopano, yakale ija n'kuisiya momwe inalili kuti anthu adzathe kufananitsa. Ntchito yonse, kuyambira kuliza jenereta, sinathe ola limodzi.

Tsopano ndinapita pamalo aja. Amayi aweramitsa mutu, milomo ikugwedezeka, ndipo mawu akugwera pomwepo: "Ameneyo tinamuika kale." Kenaka alamu akutembenuka, pakamwa pakuyenda, koma sikukumveka kanthu, mphepo yokha ndi amalume akuwerenga chapatali. Bamboyo anandipatsa zomvera m'makutu n'kukweza mawu pamalo amenewo. Pansi pa mphepo panali kunong'ona. Ndinabwereza kanayi ndisanamve bwino. Alamu ankati, "Abwera, amayi. Abwera."

M'kanema wakale kunong'onako kunalimo ndithu, koma kunkagwera pamene alamu atseka kale pakamwa n'kuyang'ana kutsogolo, ndipo panalibe amene akanakufunafuna. Ndinavula zomvera zija n'kutuluka panja. Bamboyo sananditsatire. Pobwerera ndinamuuza kuti ndakhala ndikumunyoza kwa makasitomala. Anati anamva kale, n'kundithandiza kukulunga bokosi.

Lachisanu lotsatira tinakumana m'kachipinda kanga: amayi, amalume, alamu ndi amalume awo amene anali nkhoswe yawo. Benchi sinakwane, amayi ndi alamu anakhala pamphasa monga anakhalira kumanda. Ndinayamba ndi chitseko cha galimoto m'kanema wakale, kenaka m'watsopano, beseni chimodzimodzi, kuti aone okha kuti sindinasunthe mawu a malo amodzi okha pofuna kukometsa mlandu. Amalume a alamu anali munthu wosamala. Anandiuza kuti ndibwereze za beseni katatu, ndipo atakhutira anangogwedeza mutu.

Titafika pamalo aja amayi anadziona akunena mawu aja, pakamwa pawo pomwe. Sanabise nkhope. Nditakweza kunong'ona kwa alamu, amalume athu anachotsa chipewa n'kuchiika pabondo. Amayi anagwira dzanja la alamu n'kuyamba kulira, ndipo alamu ndi amene ankawatonthoza.

"Nanga bwanji sunanene tsiku lija tinakufunsa?" amalume a alamu anawafunsa.

"Ndikananena, amuna anga akanataya amayi awo," anayankha alamu. "Ine ndili ndi kwathu kopita. Amayiwa mwana woyamba ali naye mmodzi."

Ndinaotcha chimbale chokhala ndi makanema onse awiri, ndipo amalume anandiuza kuti ndilembe kalata yofotokoza, ndi dzanja langa. Ndinalemba za chitseko, za beseni, za zithunzi makumi atatu, ndi mmene angayezere okha. Ndinalembanso kuti vutolo ndinaliona chimbale choyamba chisananyamuke. Chiganizo chimenecho ndinachifufuta kawiri ndisanachisiye. Za magetsi sindinalembe.

Anthu akutuluka, alamu anatsalira pakhomo akumanga mwana kumbuyo. Makina a wometa ankalira kuseri kwa khoma. Anamvetsera pang'ono, n'kundiyang'ana.

"Lero magetsi alipo, alamu," anatero.

Ndinati eya, alipo.

"Tsiku lija analiponso. Ndinangoona kuti mukuvutika, ndiye ndinapita."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndipepese, koma anali atatembenuka kale kutsatira amalume awo.

Achimwene anayankha patatha masabata awiri, kuti mkazi wawo abwerere. Alamu anatumiza mawu kudzera kwa ankhoswe kuti amene anawachotsa ndi foni sangawabweze ndi foni, abwere adzawatenge. Achimwene anabwera pa Khirisimasi, mapepala ali osalongosokabe, ndipo ku Joni sanabwererenso. Anayamba kumanda, kenaka kwa amayi kumene anakhala nthawi yaitali chitseko chili chotseka, ndipo m'mawa mwake anakwera phiri la ku Ntchisi ndi amalume kukatenga alamu. Ine sanandilankhule mpaka Pasaka.

Kuyambira pamenepo sindinatulutse chimbale ndisanayeze kumutu, pakati ndi kumchira, ndipo pa mwambo uliwonse ndinkayamba ndi kupempha munthu kuti aombe m'manja kamodzi pamaso pa kamera. Anthu ankaseka, ankayesa ndi mankhwala. Kachipinda kaja ndinakasiya kalekale, amayi anatisiya, ana aja ali ndi ana awo. Nkhani ya magetsi alamu sanauzepo munthu, ngakhale achimwene, ndipo sanaitchulenso kwa ine. Koma chaka chilichonse akakolola amanditumizira kajumbo ka mtedza wosenda kale, ndipo mkazi wanga amadabwa kuti n'chifukwa chiyani ndimaugawira ana onse, ine osalawako.